Pamene pa, ku ndi mu athu akumana ndi in, on ndi at

“Ndine mlembi wa gulu la amayi a kutchalitchi kwathu ku Kapata, ndipo ndalemba chidziwitso cha ulendo wathu m'Chingerezi motere: *We shall meet on the bus station at Chipata in Saturday morning on 06:00 hours. We shall eat in the bus and arrive to Katete on noon.* Mwana wanga akuti ndalakwitsa malo angapo, koma sakutha kundiuza chifukwa chake. Aphunzitsi amene muli muno ndithandizeni, pakuti timawu timeneti takhala tikundizunguza mutu kuyambira ndili pasukulu.”

Mayi mlembi, mwana wanuyo wanena zoona, koma ndikufuna muyambe mwadziwa kuti pafupifupi paliponse pamene mwaphonya pali chifukwa chomveka, ndipo chifukwacho chili m'chinenero chathu chomwe. Ife tili ndi pa, ku ndi mu, Angerezi ali ndi *in*, *on* ndi *at*, ndiye poti mbali zonse ziwiri kuli timawu titatu, mutu umafulumira kutikwatitsa kuti mu ndi *in*, pa ndi *on*, ku ndi *at*. Ukwati umenewo umayenda bwino nthawi zina, n'chifukwa chake umavuta kuuthetsa, koma zoona zake n'zakuti zinenero ziwirizi zimagawa malo ndi nthawi mosiyana. Ife tikasankha pakati pa pa ndi ku timaganiziranso ngati malowo ali pafupi ndi odziwika kapena ali kutali, pamene Mngerezi saganizira zimenezo. Iye amafunsa ngati chinthucho akuchiona ngati kadontho, ngati pamwamba pa chinthu, kapena ngati m'kati mwa chinthu chokhala ndi malire.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa kumeneko lamulo ndi lolimba ndipo chinenero chathu chimatithandiza theka la njira. Timati Zambia inalandira ufulu mu 1964, mu Okutobala, pa 24 Okutobala. Mu wathu wa mwezi ndi chaka amagwirizana ndi Chingerezi popanda vuto: *in 1964*, *in October*, komanso *in the rainy season* tikamanena za m'dzinja. Amene amatigwetsa ndi pa, pakuti ife timamugwiritsa ntchito pa tsiku ndi pa ola momwe, pamene Chingerezi chimamugawa pawiri. Tsiku lililonse, kaya latchulidwa ndi dzina kapena ndi deti, limatenga *on*, monga *on Saturday* ndi *on 24 October 1964*, koma nthawi ya pa wotchi imatenga *at*, monga *at 06:00 hours* kapena *at 14:30*. Masana enieni dzuwa lili paliwombo ndi nthawi ya pa wotchi ndithu, 12 koloko, choncho ndi *at noon*. Apa ndi pamene pakonzedwe malo awiri a m'chidziwitso chanu: munamva pa m'mutu mwanu, dzanja n'kulemba *on*, pamene wotchi imafuna *at*.

Onaninso kuti mu deti lathunthu lija muli mwezi ndi chaka, koma mperekezi ndi *on*, chifukwa tsiku likangotchulidwa ndilo limalamula. N'chifukwa chake m'kalata yofunsira ntchito munthu amalemba *I was born in 1998* ngati watchula chaka chokha, koma *I was born on 5 June 1998* ngati watchula tsiku. Lamulo lomweli ndi limene lakugwirani pa m'mawa wa Loweruka. M'mawa pawokha ndi *in the morning*, ndipo apa simunalakwe kumva mu, koma mukangoika dzina la tsiku patsogolo pake, mawuwo amakhala *on Saturday morning*, ndipo chimodzimodzi *on Friday evening*. Usiku wokha ndi umene uli ndi khalidwe lakelake, chifukwa ngakhale ndi wautali, amati *at night*. Amenewo ingowasungani m'mutu monga mmene alili, pakuti kuwafunira chifukwa n'kutaya nthawi. Koma ukaphatikana ndi tsiku nawonso umagonja, n'kukhala *on Saturday night*.

Pali malo amodzi pamene ndimapempha ophunzira anga kuti akhulupirire Chichewa chawo. Timati sabata yatha, chaka chamawa, Lamulungu lililonse, popanda pa kapena mu kutsogolo, ndipo Chingerezi chimachita chimodzimodzi pa mawu oyamba ndi *last*, *next*, *this* ndi *every*. Choncho *next Saturday* ndi *last year* amaima okha, ndipo amene walemba *on next Saturday* wawonjezera chimene zinenero zonse ziwiri sizifuna.

Tsopano tibwere ku malo, kumene ndikhalitse pang'ono chifukwa ndi kumene kuli vuto lalikulu. Ku wathu amasenza katundu wambiri. Timati ndimakhala ku Chipata, ndikupita ku Chipata, ndachokera ku Chipata, ndipo ku sasintha, chifukwa mneni ndi amene amatiuza ngati munthu wakhazikika, akupita kapena akubwerera. M'Chingerezi ntchito imeneyo imagwera mperekezi, motero ziganizo zitatuzo zimafuna timawu titatu tosiyana: *I live in Chipata*, *I am going to Chipata*, *I have come from Chipata*. Tauni, boma, chigawo ndi dziko zimatengedwa ngati malo okhala ndi malire amene munthu ali m'kati mwake, n'chifukwa chake timamva *in Chipata*, *in Eastern Province*, *in Zambia*. Koma siteshoni ya basi, geti la sukulu, msika kapena chipata cha m'malire cha Mwami ndi malo amene mungawaloze ndi chala kuti tikumane apo, ndipo malo otero amatenga *at*. Inu munati pa siteshoni, pa uja n'kusanduka *on*, ndipo Mngerezi akawerenga *on the bus station* amaona amayi ataimirira padenga la siteshoniyo. Zoyenera ndi *at the bus station in Chipata*, malo aang'ono ndi *at*, malo aakulu amene akuwazungulira ndi *in*.

Ndisakunamizeni kuti tauni siingatenge *at* ngakhale pang'ono, chifukwa mudzaona zimenezo zitalembedwa n'kuyamba kundikayikira. Munthu akamafotokoza ulendo wa basi yochoka ku Chipata kupita ku Lusaka, angathe kunena kuti *the bus stops at Katete and Petauke*, ndipo walondola, pakuti pamenepo matauniwo sakuwaona ngati malo okhalamo anthu koma ngati poima pa msewu waukulu wa Great East. Tauni ndi yomweyo, chasintha ndi mmene wolankhula akuionera. Pa zokhala, kubadwa ndi kugwira ntchito, gwiritsani *in* ndipo simudzaphonya.

Njira yoyesera pa wathu imene ndaona ikuthandiza ndi iyi. Mukafuna kumasulira pa, yesani kuika mawu akuti pamwamba pa m'malo mwake. Ngati chiganizo chikumvekabe, monga buku lili pamwamba pa tebulo, ndiye kuti ndi *on the table*. Khoma nalonso, ngakhale laimirira, limawerengedwa chimodzimodzi, *on the wall*. Ngati sichikumveka, monga tinali pamwamba pa msonkhano kapena pamwamba pa maliro, ndiye kuti pa ameneyo akunena za malo okumanirana kapena chochitika, ndipo amafuna *at*: *at the meeting*, *at the funeral*, *at the door*. Mwambo wa Kulamba mungaunene kuti umachitika *at Mkaika in Katete in August*, ndipo wa Nc'wala *at Mtenguleni in February*, ndipo mukaona bwino mupeza kuti malamulo a malo ndi a mwezi amene tanena ali m'ziganizo ziwirizo. Njirayi ili ndi malire ake, chifukwa pali pa wina amene Chingerezi chimamuona ngati m'kati. Ife timayanika chimanga padzuwa, timayenda pamvula, timaima pamzere, timaoneka pachithunzi, koma iwo amati *in the sun*, *in the rain*, *in the queue*, *in the picture*. Anayi amenewa ndimawakonza kawirikawiri m'makope a ana a Giredi 12, makamaka *on the sun*, ndipo ndi bwino kuwaloweza padera.

Za basi ndi pamene mu wathu, amene nthawi zambiri ndi wokhulupirika, amatitaya. Ife timakhala m'basi, m'sitima, m'ndege, ndipo kunena zoona maganizo athu ndi olunjika, chifukwa munthu amakhaladi m'kati. Koma Chingerezi chimati *on the bus*, *on the train*, *on the plane*, pamene galimoto yaing'ono ndi takisi zimatenga *in*. Chothandiza kukumbukira n'chakuti chokwera chimene mungathe kuimiriramo ndi kuyendamo chimatenga *on*, pamene chimene mumalowa mowerama n'kungokhala pansi chimatenga *in*. Njinga ya kabaza ndi njinga yamoto mumakhala pamwamba, choncho ndi *on* popanda kukayika. Pamenepa sindikuweruzani mwamphamvu, pakuti *in the bus* amamveka ndipo amanenedwa munthu akamatsindika kuti ali m'kati osati panja, koma pa nkhani ya ulendo ngati wanuwu, wolemba mosamala amasankha *on the bus*.

Chatsala ndi kufika. Popeza timati tifika ku Katete monga mmene timanenera tipita ku Katete, n'zosadabwitsa kuti munalemba *to*. Koma mneni *arrive* sanena za kuyenda, amanena za kupezeka pamalo ulendo utatha, choncho amatsata lamulo la malo lija: *arrive in Katete* ngati ndi tauni, *arrive at the church* ngati ndi malo olozeka. Mukasankha mneni *reach*, musaike mperekezi aliyense, ingolembani *reach Katete*, ndipo kunyumba nakonso sikufuna kanthu pambuyo pa mneni wa kuyenda kapena kufika, n'chifukwa chake amati *go home* ndi *arrive home*, ngakhale kuti munthu amene ali kale kwawo ali *at home*.

Chidziwitso chanu tsono mukachilembe motere: *We shall meet at the bus station in Chipata on Saturday morning at 06:00 hours. We shall eat on the bus and arrive in Katete at noon.* Ngati mungafune kuwonjezera chiganizo chopempha amayi kuti asachedwe, lembani *Please be on time*, kutanthauza kuti afike pa ola lenileni limene mwagwirizana. *In time* ali ndi tanthauzo lina, la kufika mpata ukadalipo chinthu chisanachitike, monga munganene kuti *Come in time to find a seat* ngati mukufuna kuti alawire mipando ya m'basi isanathe.