Wina anaika ndalama, wina thukuta: phindu ligawidwe bwanji?

"Ine ndi alamu anga tili ndi shopu yosokera zovala ku Rosettenville. Iwo anaika R80 000, ine R20 000, koma wokhala pa makina tsiku lonse ndine. Akuti phindu tizigawana molingana ndi zomwe tinaika. N'chilungamo chimenechi?"

Achimwene, kalata yanu yandiwawa mtima, chifukwa nkhani yomweyi inapasula ubale kwathu. Msuweni wanga ankaphika nsima ndi chambo ku Yeoville, mpamba uli wa mnzake. Iye kulawirira kumsika, kusupuka manja ndi mafuta, mnzakeyo kumangotulukira kumapeto kwa mwezi kudzawerenga ndalama. Panalibe wakuba pakati pawo. Sanalembe kanthu basi, poti "ndife apachibale". Lero ngakhale pamaliro sapatsana moni. Amalawi kuno ku Joni timachita manyazi kulemberana pepala, ndipo manyazi amenewo ine ndimadana nawo kwambiri.

Alamu anu sakulakwa kufuna kuti ndalama zawo zibale, koma thukuta lanunso lili ndi mtengo. N'chifukwa chake pali akaunti yogawira phindu. Imayambira pa phindu lotsala mutachotsa lendi, magetsi, nsalu ndi malipiro a antchito. Kenako mumachotsa chiwongoladzanja cha mpamba wa aliyense, malipiro a mwini amene akugwira ntchito, ndipo zotsalazo ndiye mumagawana.

Tinene kuti chaka chino phindu ndi R120 000, ndipo munagwirizana chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse, inu R5 000 pamwezi, zotsala pakatimpakati.

Phindu la chaka: R120 000
Chiwongoladzanja: alamu R8 000, inu R2 000
Malipiro anu: R60 000
Zotsala: R50 000, aliyense R25 000

Alamu apeza R33 000, inu R87 000. Mukaphatikiza zibwerere pa R120 000. Zikapanda kutero, penapake mwasokoneza. Kawirikawiri chimachitika n'chakuti malipiro anu alembedwa kale pamodzi ndi lendi, n'kuchotsedwanso pano kachiwiri. Inu si waganyu, ndinu mwini, choncho R60 000 ija ndi gawo la phindu, ndipo malo ake ndi muno mokha. Ndalama zimene mumatapa m'kati mwa chaka nazonso si zoyendetsera bizinesi ngati lendi: zimachotsedwa pa gawo lanu.

Chimene anthu safuna kumva ndi cha chaka chovuta. Phindu likangokhala R50 000, chiwongoladzanja ndi malipiro zikhalabe R70 000, ndiye pasowa R20 000, aliyense asenze R10 000. Inu mutsala ndi R52 000, alamu alowa pansi ndi R2 000. Awonetseni masamu amenewa lero, musanasaine, ndipo ngati sakuwakomera, tsitsani malipiro anu kapena akwezereni gawo lawo pa zotsala.