Anthu anayi, ntchito ya lesitilanti mungaigawe bwanji pa sabata

"Ndili ndi kalesitilanti pafupi ndi depoti kuno ku Zomba, antchito anayi basi, timatsegula tsiku lililonse. Koma daily kukangana, wina akuti sanapume, wina akuti mapoto si ake. Ndipange bwanji ndandanda?"

Achemwali, musanalembe dzina la munthu aliyense yambani mwawerenga maola. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asapitilire maola 48 pa sabata, ndipo akagwira masiku 6 otsatizana apume maola 24 athunthu. Ndiye ngati nonse mumafika 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku amenewo ndi maola 14, anthu atopa kale ndipo mkangano wa mapotowo ukuchokera pamenepo. Maola opitilira amalipidwa kamodzi ndi theka, ukamugwiritsa pa tsiku lake la ofu ndi kawiri, ndiye ndalama zimene mukuganiza kuti mukupulumutsa zidzakutsatani ku ofesi ya leba.

Ine kwanga ndinapanga mashifiti awiri. Ya m'mawa kuyambira 6 mpaka 3 koloko masana, ina kuyambira 11 mpaka 8 usiku, iliyonse ili ndi ola limodzi lopuma, amatsala maola 8. Muona kuti pakati pa 11 ndi 3 onse alipo, ndipo ndi dala, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene a m'maofesi, madalaivala a minibasi ndi ana a ku Chanco amabwera nthawi imodzi aliyense akufuna nsima yotentha pompopompo. A m'mawa amapuma mosinthana, wina 9 wina 10, a masana wina 3 wina 4. Osapumitsa awiri limodzi ayi.

Za ofu tsopano. Tengani kabuku kanu ka malonda muone masiku anayi amene ndalama zimachepa, kwanga ndi Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu, ndiye aliyense amatenga limodzi. Masiku amenewo mumakhala ndi atatu, awiri m'mawa m'modzi masana, ndipo inuyo eniake mumalowa 3 koloko kukhala wachiwiri mpaka kutseka. Apa pali msampha, wophika wamkulu akapuma aphika ndani? Ine ndinazengereza kuphunzitsa wothandiza wake, tsiku lina wophika anapita ku maliro ku Jali, nsima inatuluka yambulumbulu makasitomala anasiya m'mbale. Muphunzitseni wachiwiri panopa, aziphika yekha Lolemba anthu ali ochepa. Komanso munthu asinthe shifiti akachoka ku ofu basi, osati watseka 8 usiku, akwere kabaza mpaka ku Chinamwali, mawa 6 koloko akhale wayatsa mbaula. Adzachedwa ndithu ndipo mlandu sudzakhala wake.

Pepala la ntchito ndiye pamene ambiri amalakwitsa, amalemba kuti "kukonza kukhitchini" n'kusiya pomwepo. Ntchito ya aliyense ilibe mwini. Lembani M1, M2, S1, S2, kutanthauza awiri a m'mawa ndi awiri a masana, ntchito izikhala ya nambala, mayina ndi amene azisintha pa sabata. M1 ayatsa moto, atereka nyemba ndi madzi a tiyi, ayang'ana mufiriji ngati nyama ikadali yolimba, makamaka ngati magetsi anathima usiku. M2 asesa, akolopa, adzaza ndowa yosamba m'manja n'kuika sopo, kenako apita kumsika kukagula masamba ndi tomato. S1 akwecha mapoto onse a nsima, aviika nyemba za mawa, awerenga ufa, mafuta ndi makala zatsala bwanji n'kulemba. S2 matebulo, chimbudzi, kutaya zinyalala, kudzaza migolo ya madzi. Ndalama muwerenge nokha pamodzi ndi amene anali pa kauntala. Tsiku la anthu atatu ntchito za S2 ndi zanu, musazikankhire kwa mwana wa eni.

Ntchito zikuluzikulu muzimwaze, imodzi pa tsiku nthawi imene malo ali zii, firiji Lachinayi, sitolo ya ufa Lachisanu, makoma a utsi Loweruka, poti masiku amenewa muli onse anayi.

Aliyense akamaliza asaine ndi nthawi yake. Mukaona mizere yonse yasainidwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, dziwani kuti angodzaza madzulo. Musakalipe, ingosankhani zinthu ziwiri muone ndi maso, kwezani chivundikiro cha nyemba, pitani kuchimbudzi. Ndandanda ya sabata yamawa imatidwe pakhoma Lachisanu, ijambulidwenso pa foni ku gulu lanu la WhatsApp, ndipo ofuna kusinthana tsiku akuuzeni kaye inuyo mulembe papepalapo, chifukwa zongogwirizana pakamwa zimathera poti onse awiri sanabwere.