Funsani kuti "ndi ndani?" musanasinthe chiganizo

"Ndikulemba lipoti la kafukufuku wa kameredwe ka chimanga. Ena akuti ndisalembe kuti 'ndinachita', ndizilemba 'zinachitidwa' paliponse. Ndimvere?"

Amvereni pa gawo limodzi lokha, achemwali, lofotokoza mmene munayendetsera ntchito. Tinene kuti mwalemba chonchi: "Ndinasankha njere 50, ndinaziviika m'madzi maola 12, ndinaziyala pansalu yonyowa." Palibe cholakwika, koma wowerenga akungokumana ndi inu katatu pamene iye akufuna kutsata njerezo. Yesani: "Njere 50 zinasankhidwa, zinaviikidwa m'madzi maola 12, kenako zinayalidwa pansalu yonyowa. Zomera zinawerengedwa pa tsiku la 7." Apa njere ndizo zakhala mwininkhani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo aliyense atha kubwereza ntchitoyi osafunsa kuti anagwira beseni ndani. Ngakhale lipotilo likhale la Chingerezi, mfundo yake ndi yomweyi.

Ine ndimayesa chiganizo chilichonse pochifunsa kuti "ndi ndani?" Ngati yankho silisintha kanthu, kapena wochitayo sakudziwika, msintho wochitidwa ndiwo woyenera. Koma mukafika pomasulira zotsatira, funsoli limalemera. Mukalemba kuti "zikuganiziridwa kuti njere 9 zinaola chifukwa cha chinyezi chochuluka", wowerenga sadziwa ngati akuganiza ndinu, aphunzitsi anu kapena buku limene munawerenga. Lembani poyera kuti "ndikuganiza kuti", kapena tchulani amene ananena. Zimandiwawa kuona wophunzira amene anagwira ntchito yabwino akubisa maganizo ake chonchi, mpaka woyesa kumukayikira kuti anakopera. M'maminitsi a misonkhano muli vuto lomweli: "kalata idzalembedwa" imatha mwezi isanalembedwe, pamene "mlembi adzalemba kalata pofika Lachisanu" imapatsa munthu ntchito.

Chenjeraninso ndi kamangidwe ka mneni. Ngati lembo la liwu lomaliza m'tsinde, osawerengera -a wakumapeto, ndi a, i kapena u, timaika -idw-: yala, yalidwa, funsa, funsidwa. Likakhala e kapena o, timaika -edw-: yeza, yezedwa, ona, onedwa. Ndipo musasokoneze -idw- ndi -ik- kapena -ek-. "Botolo linaswedwa" akutanthauza kuti alipo analiswa, kungoti sitinamutchule. "Botolo linasweka" akungonena zimene zinaligwera, ndiye simungawonjezere kuti "ndi wophunzira". Mu lipoti lanu kusiyanaku n'kwakukulu: "njere 3 zinachotsedwa" ndi chinthu chimene munachita dala ndipo muyenera kupereka chifukwa, pamene "njere 3 zinawonongeka" ndi chimene munangochipeza mutavundukula nsalu m'mawa.

Ndiye musasinthe lipoti lonse. Tengani pensulo, mulembe mzere kunsi kwa mneni aliyense wokhala ndi -idw- kapena -edw- m'gawo la zotsatira, mumufunse funso lija. Pamene yankho lili "ndi ine" ndipo nkhani yake ndi ya maganizo, bwezeranipo "ndi-" wanu.