"Ndatumiza" si risiti

"Ndine msungichuma wa Mvano pa mpingo wathu. Aliyense amapereka K3,000 pamwezi kudzera pa foni, kenako amalemba pa gulu la WhatsApp kuti watumiza. Mwezi ukatha, mayina ndi ndalama sizigwirizana. Ndichite bwanji kuti mndandanda wanga uzikhala woona?"

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa mwezi wa Juni umene sindinagone bwino. Ndinali msungichuma wa gulu la anthu a kwathu okhala mu Lilongwe, lothandizana pa maliro. Tinalipo 32, aliyense K5,000 pamwezi. Munthu akalemba kuti "ndatumiza", ine ndinkachonga dzina lake m'kope pomwepo, kaya ndili m'minibasi kaya ndili pa mbaula. Mwezi umenewo ndinachonga anthu 27, kutanthauza K135,000. Nditaphatikiza za mu Airtel Money ndi za mu Mpamba, zinakwana K120,000 yokha.

Lamulungu pa msonkhano palibe amene ananditchula wakuba. Koma bambo wina wachikulire anafunsa mofatsa kuti, "Nanga K15,000 yayenda yokha?" Anthu anangoti zii, maso onse pansi. Ndinabweza ndalamayo kuchokera m'thumba mwanga, ndipo mpaka lero ndimamva kuwawa ndikakumbukira kuti ndinalipira mlandu umene sindinapalamule.

Patapita sabata ziwiri ndinakhala pansi ndi foni, uthenga ndi uthenga. K5,000 yoyamba: mnyamata wina anaponya pagulu chithunzi cha malipiro a Meyi, mwina mosadziwa, ine osayang'ana tsiku. Yachiwiri inapita ku nambala ya msungichuma wakale, amene anthu ena anali asanamufufute m'mafoni mwawo. Yachitatu ndi imene inandiphunzitsa zambiri. Bambo wina anatumiza K5,000 yake, mayi a kunyumba kwake, amenenso ndi membala, n'kulemba pagulu kuti "tatumiza". Ine ndinachonga anthu awiri pa ndalama ya munthu mmodzi.

Kuchokera pamenepo ndinauma mutu pa mfundo iyi: zolembedwa pagulu ndi chidziwitso chabe, umboni ndi uthenga umene kampani ya foni yatumiza pa foni yanu inu wolandira. Chithunzi sindichikhulupirira, ngakhale chichokere kwa abusa. Ena amati kutero ndi kusowa chikondi pakati pa abale. Ayi ndithu. Magulu ambiri amene ndawaona akupasuka, anapasuka chifukwa msungichuma ankachita manyazi kufunsa. Ndipo muwauze a komiti kuti nambala yolandirira ikhale ya gulu lokha. Mukamalandirira pa nambala imene mumaguliranso mayunitsi a magetsi, tsiku lina mudzasokoneza, ngakhale muli ndi mtima woyera.

Pali za maejenti. Agogo amene alibe foni amapereka ndalama kwa ejenti wa pamsika, kapena mdzukulu amawatumizira, ndiye dzina lobwera pa foni yanu ndi lachilendo. Ndalama zotere muzilembe ndithu, koma malo a mwini wake akhale opanda kanthu mpaka wina atchule nambala ya malipirowo, ija imalembedwa mu uthenga wa kampani ya foni. Musaganizire.

Mmene ndimalembera tsopano

Membala aliyense ali ndi nambala yake, chifukwa mayina amavuta: yemweyo lero ndi Nambewe, mawa ndi Make Chisomo. Akatumiza amalemba pagulu motere: "14, K5,000", kenako zilembo zinayi zomalizira za nambala ya malipiro. Ine ndimayang'ana kaye uthenga wa pa foni yanga, ndikaupeza ndimalemba mzere umodzi: tsiku, nambala ya membala, ndalama, nambala ya foni imene yatumiza, ndi nambala yonse ya malipiro. Ndikatha ndimayankha uthenga wake pagulu kuti "zafika". Wopanda "zafika" sanalembedwe, ndipo aliyense amadziwa.

Kope la chikuto cholimba limakwana. Ngati mumatha Excel kapena Google Sheets, zinthu zisanu zija zikhale mu A mpaka E:

```
=COUNTIF(E:E,E2)
=SUMIF(B:B,14,C:C)
```

Yoyamba muiike mu F2 n'kuikopera m'mizere yonse ya pansi; ikaonetsa 2, ndiye kuti malipiro amodzi mwawalemba kawiri. Yachiwiri imaphatikiza zonse za membala 14.

Za kufunsa kuti "iyi ndi ya mwezi uti" ndinazisiya, chifukwa ndi pamene pankabuka mikangano. Ndalama iliyonse imayamba yatseka ngongole yakale. Kwa ife, pofika Juni munthu amayenera kukhala atapereka K30,000. Akapezeka ndi K20,000, wafika Epulo, watsala ndi miyezi iwiri. Kwa inu a K3,000, ndi K18,000 pofika Juni.

Musanaponye mndandanda pagulu, mukhale ndi mlembi, foni ili pa tebulo, muone ngati zolembedwa, mutachotsa zimene mwatapa ndi zimene kampani yadula potapa, zikufanana ndi zotsala mufoni. Ndipo muwapemphe oyang'anira gulu azimitse Disappearing messages, kuopa kuti pa tsiku la mlandu mauthenga a Meyi angapezeke atafufutika.