Kudula mawu a kasitomala osamunamizira

Funso lomwe ndalandira pa imelo ndi ili: "Timagulitsa pulogalamu yowerengera katundu m'masitolo. Tikufuna kuika pawebusaiti yathu bokosi lija limasinthasintha ndemanga za makasitomala, imodzi ikachoka ina n'kubwera. Vuto n'lakuti ndemanga zomwe tili nazo n'zazitali, zina zili ndi zolakwika m'kalembedwe, zina zili ndi madandaulo mkati. Kodi ndingadule mpaka pati osasanduka wabodza? Nanga poti munthu ananditumizira yekha, pakufunikanso kupempha chilolezo?"

Zikomo pondilembera. Chilolezo chikufunika, ndipo tifikako, koma tiyambe ndi kudula chifukwa chilolezo chenicheni ndi cha mawu omwe atsala mutadula, osati aatali aja anakutumizirani.

Muyezo ndi umodzi. Munthu amene wawerenga mawu ofupikitsidwa akhulupirire zomwezo zimene akanakhulupirira akanawerenga uthenga wonse. Liwu lililonse likhoza kukhala la kasitomala, osawonjezerapo ngakhale limodzi, koma ndemangayo n'kukhala yabodza chifukwa cha zimene mwachotsa. Tione ndi chitsanzo chongopeka chofanana ndi ntchito yanu. Tinene kuti kasitomala walemba motere:

"Poyamba ndinavutika kwambiri kulowetsa katundu wanga yense m'pulogalamuyi, zinanditengera pafupifupi masabata awiri ndipo ndinatsala pang'ono kuisiya. Koma anthu anu anandithandiza pafoni mpaka zinatheka. Panopa kuwerengera katundu kumene kunkanditengera tsiku lonse kumangonditengera maola awiri, makamaka mwezi umene katundu sanachuluke. Ya pafoni imachedwabe kutsegula, koma ya pakompyuta ndilibe nayo dandaulo. Ndauzako kale anzanga awiri kuti aiyese."

Bokosi lanu silingalandire zonsezi. Pafoni, ndemanga yowerengeka bwino imakhala ya mawu 15 mpaka 30, mizere inayi kapena isanu. Dzanja limathamangira kudula chonchi: "Kuwerengera katundu kumangonditengera maola awiri. Ndilibe nayo dandaulo." Zikumveka bwino, koma muli mabodza awiri. Loyamba, maola awiriwo mwiniwake anawamangirira ku mwezi umene katundu ndi wochepa, ndipo mwachotsa chomangiracho. Lachiwiri ndi lalikulu. Iye ananena kuti alibe dandaulo ndi ya pakompyuta yokha, atangomaliza kudandaula za ya pafoni. Inu mwamuyankhulitsa ngati wakhutira ndi zonse. Wogula watsopano amene amagwiritsa ntchito foni yokha adzagula atakhulupirira zimene munthu uja sananene.

Kudula kolungama ndi kutenga chiganizo chimodzi chathunthu pamodzi ndi mchira wake: "Kuwerengera katundu kumene kunkanditengera tsiku lonse kumangonditengera maola awiri, makamaka mwezi umene katundu sanachuluke." Ndi mawu 14 okha, ndipo palibe chimene chapotozedwa. Dandaulo la foni mwalisiya, inde, koma simunanene chilichonse chokhudza foni, choncho simunanamize munthu. Apa ndiye pali malire amene ambiri amasokonezeka nawo: kusiya nkhani yonse osaikhudza n'kololedwa, koma kutenga theka la nkhani n'kutaya theka lomwe limaichepetsa mphamvu ndi chinyengo.

Muuthenga womwewu mulinso ndemanga yachiwiri, yomwe ine ndingaisankhe kuposa yoyamba: "Poyamba ndinavutika kwambiri … ndinatsala pang'ono kuisiya. Koma anthu anu anandithandiza pafoni mpaka zinatheka." Eni mabizinesi amaiopa chifukwa ikuyamba ndi vuto, komatu wowerenga amaikhulupirira msanga, poti munthu wolembedwa ganyu yotamanda salankhula chonchi. Chenjezo lake n'lakuti musaiike pansi pa mutu wakuti pulogalamuyi ndi yosavuta kuyamba. Mutu, chithunzi ndi nyenyezi zomwe zazungulira ndemanga zimawerengedwa pamodzi nayo. Ngati munthu anapereka nyenyezi zinayi, musajambule zisanu, ndipo ngati sanapereke nyenyezi, musaike n'komwe.

Podula, yang'anirani timawu tating'ono: koma, makamaka, pafupifupi, nthawi zina, poyamba, kwa ine, ngati. Timaoneka ngati tongodzaza malo, pomwe ndi timene tanyamula choonadi cha chiganizocho. "Pafupifupi masabata awiri" si "masabata awiri". Mukaona kuti chimene mukuchotsa chikuyamba ndi limodzi la timawu timeneti, imani kaye muwerengenso.

Zokonza zazing'ono sizivuta. Chilembo chosoweka, mpumiro, chilembo chachikulu poyamba chiganizo, zimenezi konzani, ndipo mwiniwake adzakuthokozani. Mukachotsa mawu pakati pa chiganizo, ikani timadontho titatu pamalopo. Mukafuna kulowetsa liwu lomveketsa, monga pamene walemba kuti "imeneyi" ndipo wowerenga sangadziwe kuti ndi chiyani, liikeni m'mikutiramawu yamakona, chonchi: [pulogalamuyi]. Zimene simuyenera kuchita ndi kusintha liwu lake ndi lina lamphamvu, "yabwino" kukhala "yapamwamba", kusintha dongosolo la ziganizo kuti chifukwa chioneke ngati chotsatira, kapena kulumikiza mawu a mauthenga awiri olembedwa miyezi yosiyana ngati ananenedwa mpweya umodzi. Kusoka pamodzi mawu a anthu awiri n'kuikapo dzina limodzi ndiye kupeka ndemanga basi. Kalankhulidwe ka munthunso kasiyeni. Ndemanga zisanu ndi imodzi zikamveka ngati zalembedwa ndi dzanja limodzi, wowerenga amadziwa kuti dzanjalo ndi lanu.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma a ku America akufotokoza mfundoyi momveka. Malangizo a FTC, bungwe la boma loteteza ogula, omwe anakonzedwanso mu 2023, amati ndemanga siyenera kuchotsedwa pamalo pake kapena kulembedwanso m'njira yopotoza maganizo a mwiniwake, ndipo mukaika mawu m'mitengero mukulonjeza kuti ndi mawu ake enieni. Amatinso ndemanga yotchula zotsatira imamveka ngati zimenezo n'zimene wogula wamba angayembekezere. Choncho ngati maola awiri aja ndi a kasitomala mmodzi wamwayi, pomwe ambiri zimawatengera maola asanu, kamzere kakang'ono kakuti zotsatira zimasiyana sikakukwanira. Muyenera kunena zimene ambiri amapeza, apo ayi sankhani ndemanga ina. Ngatinso munthuyo munamupatsa mphatso, kumuchotsera mtengo, kapena ndi wantchito wanu kapena m'bale wanu, zimenezo zilembedwe pomwepo pa ndemanga, osati patsamba lina. Kuyambira mu Okutobala 2024, bungwe lomweli lili ndi lamulo loletsa ndemanga zopeka, lokhala ndi chindapusa. Ngakhale muli kutali ndi America, mfundo zimenezi ndi muyezo wabwino wodziyezera.

Tsopano chilolezo. Munthu akakutumizirani uthenga woyamika, wakupatsani inu kuti muwerenge. Sanakuuzeni kuti dzina lake ndi nkhope yake zikhale zotsatsira malonda anu. Ngakhale ndemanga yomwe analemba poyera pa Google kapena pa Facebook, mawuwo ndi ake ndithu, ndipo masamba amenewa ali ndi malamulo awoawo a kagwiritsidwe ntchito ka zolembedwapo, ndiye mufunseni mwiniwake basi. Chilolezo chapakamwa chimaiwalika, choncho chikhale cholembedwa. Imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp ndi wokwanira ngati muli zonse zofunika. Mungalembe motere:

"Zikomo chifukwa cha uthenga wanu wa mwezi watha. Tikupempha kuika gawo lake patsamba loyamba la webusaiti yathu. Tafupikitsa, ndipo mawu adzaoneka ndendende chonchi: (ikani mawuwo apa). Pansi pake tikufuna kulemba dzina lanu loyamba ndi mtundu wa bizinesi yanu, popanda chithunzi. Ngati tasintha tanthauzo penapake, tiuzeni tikonze. Ngati mwavomera, yankhani kuti mwavomera. Mukadzafuna kuti tichotse, mudzangotilembera ndipo tidzachotsa pasanathe masiku asanu ndi awiri."

Muuthengawu muli mawu enieni omwe adzaoneke, malo ake, mmene munthuyo adzatchulidwire, ndi khomo lotulukira. Malo ndi ofunika kuwatchula, chifukwa amene wavomera webusaiti sanavomere kuti mawu ake apite pa chikwangwani kapena pa malonda olipira a pa intaneti. Mukadzafuna zimenezo, mudzapemphenso. Dzina, chithunzi ndi dzina la kampani zifunsidwe chilichonse pachokha, poti ambiri amavomera mawu n'kukana nkhope. Ngati ndemanga ikutchula kampani imene munthuyo amagwirako ntchito, kapena mukufuna kuika chizindikiro chake, wantchito wamba alibe mphamvu yovomera zimenezo. Mufunseni kuti akulumikizeni ndi amene ali ndi udindowo. Akapanda kuyankha, mukumbutseni kamodzi pakatha sabata, ndipo akangokhalabe chete, ndemangayo isiyeni. Kukhala chete si kuvomera.

Nthawi zina kasitomala amayankha kuti, "Ingolembani mmene mukuonera, ndavomera." Musatenge mwayi pamenepa. Mufunseni mafunso awiri kapena atatu, monga chimene chinkamuvuta kale ndi chimene chasintha, kenako dulani kuchokera m'mayankho akewo n'kumutumizira aone. Winanso akaona mawu ofupikitsidwa amawakonza yekha. Zikatero, akewo ndiwo ndemanga yeniyeni, ngakhale anu anali okoma kuposa.

Pa ndemanga iliyonse sungani zinthu zinayi pamodzi: uthenga woyamba wosadulidwa, mawu omwe anavomerezedwa, yankho la chivomerezo ndi tsiku lake, ndi mndandanda wa malo onse kumene mwaiika. Chomalizachi chimaoneka chosafunika mpaka tsiku limene munthu wapempha kuti muchotse, inu n'kuchotsa patsamba loyamba koma n'kuiwala kuti ilinso patsamba la mitengo ndi m'kabuku kotsatsira. Ngati muli ndi makasitomala a m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, lamulo lawo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati kubweza chilolezo kukhale kosavuta ngati mmene kunalili kuchipereka.

Bokosi lenilenilo nalonso limatha kudula mawu inu osadziwa. Ena mwa mabokosi ogula okonzeratu amadukiza mawu akapitirira mizere itatu kapena inayi n'kuika timadontho pamapeto. Pakompyuta chiganizo chimaoneka chonse, pafoni mchira uja wakuti "makamaka mwezi umene katundu sanachuluke" n'kuzimiririka, ndipo bodza lomwe munalipewa ndi dzanja lalowa lokha. Tsegulani tsambalo pafoni ya sikirini yaing'ono, muwerenge ndemanga iliyonse mpaka liwu lomaliza, kuphatikizapo kamzere konena za mphatso kapena ubale. Ngati bokosi limayenda lokha, malangizo a WCAG, othandiza kuti mawebusaiti azigwiritsidwa ntchito mosavuta ndi anthu olumala, amati chinthu choyamba kuyenda chokha kwa masekondi opitirira asanu chikhale ndi batani loimitsira. Ine ndingakulangizeni kuti lisamayende lokha n'komwe, munthu azisuntha yekha akamaliza kuwerenga.

Ndemanga zimakalamba. Kamodzi pachaka zionereninso zonse. Ngati munthuyo anasiya kugwiritsa ntchito pulogalamu yanu, mawu akuti "panopa kumangonditengera maola awiri" salinso oona, ndiye achotseni kapena lembani chaka chimene ananenedwa. Chimodzimodzi ngati chinthu chomwe ankayamikira munachisintha, monga thandizo la pafoni lomwe tsopano linasanduka la pa imelo yokha. Zikatero mulembereni kasitomalayo mumufunse ngati angapereke ndemanga yatsopano, ndipo yakaleyo ichoke pabokosi tsiku lomwelo.