Mnzanu akamakolola pamene mwalima inu: yankho kwa achemwali a ku Lilongwe

"Ndimagwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe kuno, mbali yosonkhanitsa ziwerengero zochokera m'maboma. Lipoti la miyezi itatu iliyonse ndimalemba ndine, koma wokapereka kwa abwana ndi bambo wina amene ndinamupeza pantchitopo, wamkulu kwa ine. Kawiri konse wanena pamsonkhano kuti 'ndachezera nalo usiku lipotili', ine ndili pompo. Kontirakiti yanga ikutha mu Disembala ndipo ndikuopa kuti abwana sadziwa chimene ndimachita. Sindikufuna udani. Timakhala ofesi imodzi, ndipo pamaliro a bambo anga anabwera. Nditani?"

Achemwali, pepani. Zimapweteka, ndipo zimapweteka kwambiri chifukwa wochita zimenezi ndi munthu amene anakhala nanu pasiwa. Ndiyambe ndi kunena kuti mantha anu a Disembala ndi oona, simukudandaula zachabe. Pantchito za makontirakiti, dzina limene abwana amalimva likutchulidwa pamodzi ndi ntchito ndi limene limakumbukika ndalama za pulojekiti zikachepa.

Malipoti awiri apita aja asiyeni. Mukayamba kuwalondola lero, nkhani idzakhala mawu anu kutsutsana ndi mawu awo, ndipo wamng'ono amene akutsutsa wamkulu pagulu ndiye amaoneka wamwano, ngakhale chilungamo chili kwa iye. Mphamvu zanu ziike pa lipoti likubwerali. Chimene chikulola bambowa kukudyerani masuku pamutu ndi njira imene ntchito yanu imayenda: imachoka pa kompyuta yanu, n'kupita kwa iwo, n'kukafika kwa abwana itatha kale, yosalala, yopanda chala chanu paliponse. Abwana amaona nsima ili m'mbale, sanakuoneni muli pamoto. Konzani njirayo, ndipo mbali yaikulu ya vutoli itha popanda kukangana ndi munthu.

Ndikupatseni chitsanzo cha masiku. Tinene kuti lipoti la Julayi mpaka Sepitembala likufunika pa 10 Okutobala. Musadikire kuti limalizike. Pa 3 kapena pa 4, pamene ziwerengero zalowa koma mawu sanathe, tumizani imelo kwa bambowa, abwana muwaike pa CC, ndipo mufunse funso lenileni limene abwana okha angayankhe. Mwachitsanzo: "Ndamaliza kuphatikiza ziwerengero za maboma onse atatu. Ku Dedza mafomu 14 abwera opanda deti, ndiye ndawapatula kaye. Bwana, kodi ndiwawerengere m'gawo lino la chaka kapena adikire gawo lotsatira? Mawu otsalawo ndimaliza Lachisanu kuti akuluakulu aonemo tisanapereke." Taonani kuti m'menemo mulibe dandaulo, mulibe kudzitama. Muli "ndamaliza", "ndawapatula", "ndimaliza", ndipo muli deti. Abwana akayankha funso la mafomu 14 aja, alowa m'khitchini mwanu, akudziwa wophika. Pa 10 wina akadzati anachezera usiku, mawuwo adzagwa okha.

Pali msampha umodzi apa umene ambiri amagwamo. Munthu amene sanaikepo abwana pa CC akayamba mwadzidzidzi, mnzake amadziwa kuti waneneredwa. Ndiye awuzeni bambowa kaye pakamwa, tsiku lisanafike: "Ulendo uno ndikufuna ndizitumiza zoyambirira msanga, abwana aziona, kuti zokonza zisamatipanikize tsiku lomaliza." Chifukwa chimenechi ndi choona, chimathandiza ofesi yonse, ndipo n'chovuta kuchikana. Kenako chitani chimodzimodzi gawo lililonse, ngakhale zinthu zitayamba kuyenda bwino, kuti chikhale chizolowezi cha ntchito osati muvi wolasira munthu.

Lekaninso kupereka ntchito pa fulashi kapena pa WhatsApp ya awiri. Ngati ku ofesi kwanu mumagwiritsa ntchito Google Docs, lembani momwemo, chifukwa Version history imasonyeza amene analemba chiyani ndi nthawi yake. Ngati ndi Word, sungani makope anu okhala ndi deti pa dzina la fayilo, ndipo apempheni kuti zokonza zawo azichita ndi Track Changes. Patsamba loyamba ikani mizere iwiri, wina wa wolemba, wina wa wounika, dzina lanu pa woyamba, lawo pa wachiwiri. Mabungwe ambiri amachita kale zimenezi, ndipo mzere wachiwiriwo ukuwapatsa bambowa ulemu umene uli wawodi. Akachotsa dzina lanu patsambalo, mwaphunzira kanthu kofunika za iwo.

Ndikutero chifukwa anthu ochita zimenezi sali a mtundu umodzi. Pali amene amangolankhula mosaganiza, amati "ndachita" pa chilichonse chimene chadutsa pa desiki yawo, ndipo mumtima amakhulupiriradi kuti kukonza mitu ndi kuwerenga kawiri ndiye kulemba lipoti. Pali amene ali ndi mantha, makamaka akuluakulu amene akuona achinyamata akubwera ndi luso la kompyuta limene iwo alibe, nawonso kontirakiti yawo ili ndi Disembala wake. Ndiye pali wadala, amene amadziwa bwino chimene akuchita. Awiri oyambawo amasintha njira ikakonzedwa. Wadala mudzamudziwa ndi zochita: adzakuuzani kuti musamavutitse abwana ndi maimelo, adzapempha fayilo pambali, adzafufuta dzina.

Ine zinandichitikira zaka zapitazo, pa bungwe lina limene sinditchula. Ndinakonza ndondomeko ya maphunziro a masiku atatu, mnzanga wamkulu n'kukaipereka ngati yake pamsonkhano wa kunyanja, ine ndili kumbuyo ndikugawa mabotolo a madzi. Ndinapsa mtima, koma m'malo mokamba naye ndinakauza anzanga awiri pa nkhomaliro. Pasanathe sabata nkhani inamupeza itasanduka yakuti ndikumunena kuti ndi mbuli. Tinakhala chaka chathunthu tikupatsana moni wa m'mano, ndipo abwana anandidziwa ngati wamiseche asanandidziwe ngati wolemba ndondomeko ija. Chonde, achemwali, nkhaniyi isapite ku nkhomaliro, isapite pa gulu la WhatsApp, isapite pa sitetasi ya mawu okuluwika. Udani wa pantchito kawirikawiri suyamba ndi cholakwa chenichenicho, umayamba munthu akamva kwa wachitatu zimene mukanamuuza nokha.

Pamsonkhano, akadzanenanso kuti anachezera, musawadule ndipo musati "ndinalemba ndine". Dikirani amalize, kenako onjezani kanthu kamene wolemba yekha angadziwe: "Kungowonjezera pa zimene anena akuluakulu, pamene ndimaphatikiza za ku Dedza ndinaona kuti chiwerengero chatsika chifukwa cha mafomu aja opanda deti, osati chifukwa ntchito yachepa." Simunamuchititse manyazi munthu, koma aliyense wokhala ndi makutu wamva. Funso likabwera lokhudza ziwerengero iwo n'kuyamba kusakasaka m'mapepala, yankhani mwaulemu, mwachidule, osadikira kuti avutike nthawi yaitali. Kuwasiya amire pamaso pa anthu kumakoma kwa mphindi imodzi, koma munthu wamkulu saiwala tsiku limene anachita manyazi.

Zikachitikanso ngakhale mwachita zonsezi, yafika nthawi yokamba nawo awiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sankhani nthawi imene ofesi ili zii, pasanathe masiku awiri kapena atatu chichitikire, koma osati tsiku lomwelo mtima ukadali m'mwamba. Nenani chinthu chimodzi, cha tsiku limodzi. Mawu oti "nthawi zonse mumatero" asatuluke, chifukwa amamukakamiza munthu kuteteza mbiri yake yonse. Mukhoza kunena motere: "Bambo, ndili ndi kankhani kakang'ono, ndati ndikuuzeni nokha chifukwa ndimakulemekezani. Lachiwiri pamsonkhano paja, lipoti linamveka ngati mwalemba nokha. Ine kontirakiti yanga ikutha Disembala, ndipo abwana akapanda kudziwa mbali yanga ndikhala pamavuto. Ndikupempha kuti ulendo wina gawo la ziwerengero ndizifotokoza ndine, inu muzitsegula ndi kutseka." Mwawapatsa khomo lotulukira, chifukwa mwati "linamveka ngati", simunati "munaba". Mwapemphanso chinthu chogwirika chimene angavomere pomwepo. Kupepesa musakuyembekezere, si chimene mwadzera.

Yankho limene mudzamve mwina ndi lakuti ntchito ndi ya tonse, mutu umodzi susenza denga. Vomerani, chifukwa n'zoona, kenako bwererani pa pempho lanu: poti ndi ya tonse, aliyense afotokoze mbali yake. Mwina adzazizira kwa masiku angapo, moni adzafupika. Inu musasinthe. Apatseni moni monga kale, afunseni za kunyumba, ndipo pamene akuthandizanidi, atchuleni pamaso pa abwana. Munthu amene mwamuyamikira pagulu zimamuvuta kukufufutani pagulu lomwelo.

Kwa abwana pitani pomaliza, ndipo musapite ndi mlandu. Kutsutsa galu n'kukumba, koma zimene mwakumbazo muzinyamule ngati mbiri ya ntchito yanu, osati ngati umboni wozengera mnzanu. Pemphani mphindi 15 mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, zigamulo za makontirakiti zisanapangidwe. Tengani tsamba limodzi lolembapo zimene mwachita chaka chino: malipoti angati, a miyezi iti, maboma ati, zolakwika ziti zimene munagwira zisanapite kwa opereka ndalama. Funsani kuti, "Kodi pa zimenezi ndi pati pamene mukufuna ndiwonjezere mphamvu?" Dzina la bambo aja lisatuluke pakamwa panu pokhapokha abwana afunse okha, ndipo akafunsa nenani mmene ntchito imagawidwira, basi. Tsamba lomwelo likatumikirenso pa fomu younikira kagwiridwe ka ntchito ya pachaka.

Ndikuuzeninso malire ake, kuti musataye nthawi pa khomo lolakwika. Ofesi ya zantchito ya boma ndi khoti loona za maubale a pantchito zilipo pa nkhani monga kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo ndi malipiro, motsatira lamulo la zantchito la chaka cha 2000. Kulandidwa ulemu pamsonkhano si mlandu umene angauzenge. Ngakhale ku ofesi yoona za antchito ya bungwe lanu, dandaulo lolembedwa limatsegula fayilo imene siitsekeka msanga, ndipo pamenepo ubale umakhala watha. Lisungireni wadala uja, amene wafufuta dzina lanu pa chikalata mutakamba naye kale, kapena amene wayamba kukukankhirani zolakwa zake pamene zabwino akutenga.

Nthawi zina mudzapeza kuti abwana ankadziwa kale, kungoti sankafuna kusokoneza munthu wawo wakale. Mudzazindikira ndi mafunso: ngati chiwerengero chikavuta amaimbira inu osati iwo, ndiye kuti akudziwa wolemba. Zikatero musalimbane ndi zapamsonkhano, pemphani kuti kulemba lipoti kulowe m'ndandanda wa ntchito zanu pa kontirakiti yatsopano, ndi kuti dzina lanu likhale patsamba loyamba la kope lopita kwa opereka ndalama. Kumeneko n'kumene ena amene angadzakulembeni ntchito mawa amawerenga.

Lipoti la Okutobala likadutsa mundilemberenso, makamaka za mmene analandirira imelo yoyamba ija. Pamenepo tidzadziwa kuti tikuchita ndi munthu wa mtundu uti.