Msuweni, usadinenso kaye

"Asuweni, ndatumiza K40,000 ya chiliza cha agogo kwa azakhali. Dzulo foni inalemba Declined, lero yalemba Pending kenako zii. Nditumizenso?"

Halo... ikujambula? Eya. Iwe msuweni, ndakumva, ndipo ndikudziwa kuti chikukusowetsa tulo si foniyo ayi. Ukuopa azakhali, kuti anena kuti mwana wa ku Lilongwe uja wayambanso nthano zake ngati za pa ukwati paja. Mtima m'malo, ndiwaimbira ndekha. Ine amandimvera... chabwino, nthawi zina.

Koma wandikumbutsa amalume a ku Mitundu. Chaka chija anagulitsa soya... ayi, unali mtedza, soya anali atawotcha ndi feteleza. Anagwirizana ndi mnyamata wina kuti awagulitse mbuzi ya K30,000, koma mnyamatayo nambala yake inali ya kampani ina, osati yawo. Ndiye amalume akwera pachulu paja pamagwira netiweki, magalasi pamphuno, adina. Pending. Ati foni iyi ndi yamwano, adinanso. Pending. Kachitatu anadina akutukwana, mpaka apongozi awo anathawa pakhonde. Atsika pachulu, akagona opanda mbuzi. Tambala woyamba, foni ngwee, ngwee, ngwee, mauthenga atatu. K90,000 yonse yapita, kuwonjezera apo ya chindapusa katatu... aa, si chindapusa, ndikunena ija amadula potumiza ija. Pomwe ankaimbira kukampani kuti azibweze, mnyamata anali atatapa kale kwa ejenti, ndipo zikatapidwa a kampani alibe pogwira, amabweza zomwe zikadali mu akaunti. Nkhani inakathera kwa amfumu. Amalume anabwerako ndi mbuzi ziwiri ndi lonjezo, ndipo lonjezolo mpaka lero silinaswe.

Ndimati chiyani... eya. Mawu awiri wawaonawo ndi osiyana, paja ine ndinakhalapo pa kauntala ya ejenti zaka ziwiri. Declined ndiye kuti akukanira pakhomo, ndalama sizinatuluke. Kawirikawiri chifukwa chake chili kwa iwe kapena kwa wolandira. Chofala kwambiri n'chakuti uli ndi K40,000 yeniyeni ndipo ukutumiza yonseyo, osasiya yodula ija, ndiye ngakhale itaperewera K20 amakana. Apo ayi walakwitsa PIN, ndipo usamangoyesa mwamwayi, ukalakwitsa motsatizana amatseka akaunti, upite ndi chiphaso cha unzika kukatsegulitsa. Penanso wadutsa malire a patsiku, kapena akaunti ya wolandirayo yadzaza. Azakhali akulandira za banja lonse sabata ino, ndiye zimenezo n'zotheka ndithu. Yang'ananso nambala, dzina lawo limatuluka usanaike PIN.

Pending ndiye yoopsa. Imatanthauza kuti uthenga wanyamuka, mwina ndalama zachotsedwa kale kwa iwe, koma mbali inayo sinayankhe kuti yalandira. Zimachitika kwambiri ndalama zikamawoloka, kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, kapena ku banki, kapena pogula mayunitsi a magetsi, makamaka kumathero a mwezi anthu akalandira. Zili panjira. Zikhoza kufika, zikhozanso kubwerera zokha. Ukadinanso, makina saona ngati ukubwereza, amaona ngati watumiza zina zatsopano.

Ndiye usatumizenso usanaone zotsala mu akaunti. Imba *211# ngati uli pa Airtel Money, *444# ngati ndi Mpamba. Tinene kuti unali ndi K82,000. Ukapeza yatsala K41,000 ndi kenakake, zatuluka, khala pansi. Usadalire uthenga wa pafoni, umachedwa, ena umawapeza mawa. Onanso pamene amaonetsa zomwe watumiza posachedwa, ulembe Transaction ID, nthawi ndi nambala ya azakhali. Kenako azakhali nawo aone zotsala zawo, osati kungoti "sindinamve kulira". Ngati kwa iwe zachoka koma kwa iwo sizinafike mpaka mawa, imbira kukampani uwapatse Transaction ID ija, ndi imene amafufuzira. Ukapeza K82,000 yako ili phee, dikirabe kanthawi, uonenso kachiwiri, ndiye utumize kamodzi. Kamodzi, msuweni.

Ndipo wina akakuimbira kuti ndine wa kukampani, nditchulireni PIN ndikukonzereni, mudulire. Amakonda anthu ojijirika ngati iwe... ndikucheza, usakwiye.

Kaya ndanena kale, koma ndibwereze poti umamva mochedwa ngati amalume ako: ona zotsala kaye, usanadinenso. Jambula zomwe zatulukazo unditumizire kumbali, osati pagulu pano, ena angadziwe kuti uli ndi ndalama. Iii, mphika wanga ukupserera, ndikuimbira.